Injini Zinayi, Nambala Imodzi: Zimene 2.7 Imanena ndi Zimene Imabisa



Pa zaka zimene ndagwira ntchito ya umakaniko muno mu Johannesburg, funso limene anthu akwathu amandifunsa kawirikawiri akafuna kugula galimoto yotumiza kumudzi ndi lakuti, "Achimwene, injini yake ndi yaikulu bwanji?" Ndikawayankha kuti ndi 2.7, nkhope zawo zimawala ngati kuti nkhani yatha. Koma nambala imeneyo ili ngati kukuuzani kuti mphika ndi wa malita awiri, osakuuzani ngati ndi wadothi kapena wachitsulo, ngati uli ndi zogwirira, kapenanso ngati ungakhazikike pamafuwa anu. Munthu wasunga ndalama zaka zitatu kapena zinayi, akugona m'kachipinda kopanikiza ku Mayfair kapena ku Rosettenville, ndiye si bwino kuti chuma chonsecho achipereke chifukwa cha nambala imene sakuimvetsa. N'chifukwa chake ndati ndilembe za injini zinayi zimene zonse zimatchedwa 2.7, koma khalidwe lake n'losiyana monga amasiyanirana ana a mimba imodzi.

Tiyambe ndi chimene nambalayo imayeza. M'kati mwa injini muli zibowo zozungulira zotchedwa masilinda, ndipo m'silinda iliyonse muli pisitoni imene imakwera ndi kutsika. Malo amene pisitoni imasesa kuchoka pamwamba penipeni kufika pansi penipeni, mukawaphatikiza m'masilinda onse, ndiwo kukula kwa injini. Si kuchuluka kwa oyilo amene injini imamwa, ndiponso si kukula kwa thanki ya mafuta, ngakhale ndamvapo anthu akukangana zimenezi pamaliro mpaka mawu kusasa. Pa mapepala a galimoto kukulaku amakulemba ndi zilembo za cc, ndipo 1,000 cc ndi lita imodzi.

Injini yoyamba ndi imene aliyense wokhala muno waikwerapo. Matakisi a Toyota Quantum a petulo, amene amadzaza pa renki ya Bree ndi ya Noord m'mawa uliwonse, ali ndi injini yotchedwa 2TR-FE. Masilinda ake ndi anayi, oima pamzere umodzi ngati mabotolo m'kireti. Silinda iliyonse ndi ya mamilimita 95 m'mimba mwake, ndipo pisitoni imayenda mtunda wa mamilimita 95. Kuti tipeze kukula kwake, tisandutse mamilimita kukhala masentimita, kenaka tiwerengere motere:

0.7854 × 9.5 × 9.5 × 9.5 = 673.4

Nambala ya 0.7854 ndi ija imatithandiza kupeza kukula kwa chinthu chozungulira, ma 9.5 awiri oyamba ndi m'mimba mwa silinda, ndipo wachitatu ndi ulendo wa pisitoni. Choncho silinda imodzi ndi 673.4 cc, ndipo zikakhala zinayi timapeza pafupifupi 2,693 cc. Ogulitsa amaifupikitsa n'kunena kuti 2.7.

Tanthauzo lenileni la nambalayi ndi mpweya. Injini ya galimoto imagwira ntchito m'magawo anayi: imakoka mpweya ndi mafuta, imazipanikiza, imaziyatsa, kenaka imatulutsa utsi. Magawo anayiwa amatha kirankishafuti ikazungulira kawiri. Ndiye kuti pa kuzungulira kuwiri kulikonse, injini ya Quantum ingathe kumeza mpweya wokwana malita pafupifupi 2.7. Petulo sayaka yekha. Amafuna mpweya wolemera pafupifupi ka 15 kuposa kulemera kwake. Mpweya ukachuluka, mafuta oyaka amachuluka, ndipo mphamvu imachulukanso. Kukula kwa injini ndi kukula kwa chifuwa chake, basi. Koma tonse tikudziwa kuti anthu awiri a chifuwa chofanana sathamanga mofanana.

Injini yachiwiri ndi ya galimoto imene anyamata a ku Soweto amaitchula mwaulemu ngati dzina la mfumu: Gusheshe. Imeneyi ndi BMW ya mabokosi ija, imene inkapangidwa ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria, ndipo ndi imene amaizunguza pabwalo mpaka matayala kufuka utsi. Zambiri mwa izo ndi za mtundu wa 325i, za masilinda 6 a mamilimita 84 m'mimba mwake, pisitoni n'kumayenda mamilimita 75. Zimenezi zimapereka 2,494 cc. Koma mu 1990 kampaniyo inatulutsa ina yapadera yotchedwa 325iS, yopangidwira mipikisano ya m'dziko muno. Masilinda anawasiya mmene analili, koma anaika kirankishafuti imene inatalikitsa ulendo wa pisitoni kufika mamilimita 81. Mamilimita 6 okhawo, ochepa kuposa m'lifupi mwa chikhadabo cha chala chakaniso, anakweza injiniyo kufika 2,693 cc, ndendende ndi ya takisi ija. Onaninso kuti kumbuyo kwake kunalembedwabe 325 pamene m'kati munali 2.7. Chizindikiro cha pa buti ndi dzina chabe, si muyeso.

Tsono yerekezani. Ya Quantum imatulutsa makilowati 111, pamene 325iS yotsiriza, ya mu 1991, inkatulutsa makilowati 155. Chifuwa chimodzi, koma kusiyana kwa makilowati 44. Gawo lina la kusiyanaku likuchokera ku cholinga cha opanga: ya takisi anaikonza kuti izikoka katundu wolemera ikuzungulira pang'onopang'ono ndi kukhala zaka zambiri, pamene inayo anaikonza kuti izipuma momasuka ikamazungulira mothamanga. Injini yozungulira mothamanga imadzaza chifuwa chake kambiri pa mphindi imodzi, motero imawotcha mafuta ambiri ndi kutulutsa mphamvu zambiri. Gawo lina likuchokera ku chiwerengero cha masilinda, pakuti mapisitoni ang'onoang'ono 6 ndi opepuka kuposa aakulu anayi, ndipo chinthu chopepuka sichivuta kuchiimitsa ndi kuchibweza kambirimbiri.

Apa ndi pamene kaimidwe ka masilinda kamayamba kumveka m'thupi la munthu wokwera. Pa kuzungulira kuwiri kuja, komwe ndi madigiri 720, silinda iliyonse imayaka kamodzi. Masilinda akakhala anayi, moto umayaka pa madigiri 180 alionse, ndiye kuti silinda ina imayamba kukankha pamene inzake yangomaliza kumene. Akakhala 6, moto umayaka pa madigiri 120 alionse, ndipo ina imayamba inzake isanamalize. Amene anasinjapo chimanga pamtondo akudziwa zimenezi. Amayi awiri akamasinja, mumamva musi uliwonse paokha. Akakhala atatu, kagundidwe kake kamalumikizana n'kukhala ngati nyimbo. Kulira kosalala kwa Gusheshe kumene anthu amakutamanda kumachokera pomwepa.

Palinso chinthu china chobisika. Mu injini ya masilinda anayi a mzere umodzi, mapisitoni awiri akunja amakwera pamene awiri apakati akutsika, ndipo munthu angaganize kuti zikulingana bwinobwino. Koma chifukwa cha kupendekeka kwa mkono umene umalumikiza pisitoni ku kirankishafuti, pisitoni imathamanga kwambiri ikakhala chakumwamba kuposa ikakhala chakumunsi. Choncho awiri akumwamba amaposa mphamvu awiri akumunsi, ndipo injini imanjenjemera kawiri pa kuzungulira kulikonse. Pa injini yaing'ono, monga ya 1,397 cc ya kabaki ka Nissan 1400 kamene kanapangidwa m'dziko muno mpaka 2008, kunjenjemeraku n'kochepa ndipo mphira zimene injini imakhalira zimakumeza. Koma mapisitoni a mamilimita 95 ndi olemera, ndiye opanga amaikamo mashafuti awiri a zolemera mbali imodzi, ozungulira mofulumira kawiri kuposa kirankishafuti, kuti athetse kugwedezekako. Ichi n'chifukwa chake simupeza kawirikawiri injini ya petulo ya masilinda anayi yoposa malita atatu.

Ya masilinda 6 a mzere umodzi siifuna chithandizo chimenechi. Mapisitoni ake amayenda awiriawiri, woyamba ndi wa 6, wachiwiri ndi wa 5, wachitatu ndi wachinayi, ndipo magulu atatuwa amasiyana madigiri 120, motero kugwedeza kwa gulu lina kumafafanizidwa ndi magulu enawo. Koma kusalala kumeneku kuli ndi mtengo wake, womwe ndi kutalika. Injini yotere imafuna boneti yaitali, ndipo n'kovuta kuiika mopingasa m'galimoto yokoka ndi matayala akutsogolo. Mutu wake nawonso ndi chitsulo chachitali, ndipo chitsulo chachitali chikatentha mopitirira chimapindika msanga. Ndikamayendera galimoto yotere, ndimayamba ndi redieta, pampu ya madzi ndi mapaipi ake ndisanamvere n'komwe kulira kwake, chifukwa mwini wake akangoiyendetsa kamodzi madzi atatha, mutu umakhota ndipo gasiketi imapsa.

Injini yachitatu inabwera kudzathetsa vuto la kutalikali. Tengani masilinda 6 aja, muwagawe m'mizere iwiri ya atatuatatu, mizereyo muipendeketse ngati mphanda ya mtengo yokumana pa kirankishafuti imodzi pansi: imeneyo ndi injini ya V. Achikulire a kuno amakumbukira Ford ya malita atatu, ya 2,994 cc, imene inkayendetsa ma Cortina ndi mabaki ambiri. Ya 2.7 yathu ndi ya dizilo ya Land Rover Discovery 3, imene inayamba kugulitsidwa mu 2004. Kukula kwake ndi 2,720 cc, ndipo ili ndi tabo, chipangizo chimene chimagwiritsa ntchito utsi wotuluka kupopera mpweya wambiri m'masilinda. Makilowati ake ndi 140, ocheperapo pa a Gusheshe, koma mphamvu yake yopotokola, imene munthu amaimva ngati kukoka pa chikweza, ndi 440 Nm pamene ya Quantum ndi 241 Nm. Tabo imaphwanya lamulo lija la chifuwa, pakuti imalowetsa mpweya woposa umene silinda ikanakoka yokha. Kuyambira pamene matabo anafala, nambala ya malita inasiya kukhala mboni yodalirika ya mphamvu.

Injini ya V ndi yaifupi, pafupifupi ngati ya masilinda anayi, ndipo ichi ndicho chuma chake. Koma makaniko amaiona mwanjira ina. Mitu ndi iwiri, magasiketi a mutu ndi awiri, mapaipi otulutsa utsi ali mbali ziwiri, ndipo lamba kapena tcheni choyendetsa mavalavu chimayenda njira yaitali yokhotakhota. Ntchito imene pa Quantum mumaichita kamodzi, apa mumaichita kawiri. Malo ogwirira nawonso ndi opanikizika, moti pa Discovery amakaniko ambiri amanyamula bodi yonse kuichotsa pa chasisi akafuna kugwira ntchito zina zikuluzikulu. Kuno makina onyamulira alipo m'magalaja ambiri. Funso limene ndimafunsa wogula ndi lakuti: kodi ku Ntcheu, ku Katete kapena ku Ulongwe kumene mukupita nayo, bodiyo idzanyamulidwa ndi chiyani?

Yachinayi ndi injini yogona. Masilinda ake amagona chammbali, theka kumanzere theka kumanja, kirankishafuti ili pakati, ndipo mapisitoni oyang'anizana amatuluka pamodzi ndi kubwerera pamodzi, ngati munthu wotambasula manja onse awiri n'kuwapindanso. Popeza aliyense ali ndi mnzake womutsutsa, kugwedezeka kwambiri kumatheratu pakokha. Ya 2.7 yotchuka ya mtundu umenewu ndi ya Porsche 911 Carrera RS ya mu 1973, ya masilinda 6 ndi 2,687 cc, imene inkatulutsa makilowati pafupifupi 154. Ambirife sitidzaigwira, koma m'bale wake wosauka timamudziwa: Volkswagen Beetle, imene inapangidwa ku Uitenhage, komwe lero kumatchedwa Kariega, kuyambira 1951 mpaka 1979. Injini yake ya masilinda anayi ogona inali kumbuyo, yozizira ndi mphepo osati madzi. Masiku ano injini yogona timaiona kwambiri mu Subaru, zimene zambiri zimalowa ku Malawi ndi ku Zambia kuchokera ku Japan.

Ubwino wa injini yogona ndi woti kulemera kwake kumakhala pansi, motero galimoto siyendera mbali kwambiri pokhota. Kuipa kwake ndi m'lifupi. Imadzaza malo onse kuchokera ku tayala lina kufika ku linzake, ndipo mapulagi ake amakhala m'mbali, moyang'anizana ndi zitsulo za galimoto. Kusintha mapulagi, ntchito imene pa injini ya mzere umodzi ndi ya mphindi zochepa, pa Subaru kumafuna kuchotsa batire ndi bokosi la mpweya, kenaka kulowetsa dzanja pamalo pamene maso sakuona. Gasiketi ya mutu ikapsa, amakaniko ambiri amatulutsa injini yonse. Nayonso ili ndi mitu iwiri ngati ya V, ndiye mtengo wa ntchito umakwera chimodzimodzi.

Pali chinthu china chimene ife a ku Joni tiyenera kuchidziwa kuposa ena, ndicho kukwera kwa malo. Mzinda uno uli pa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka. Silinda imadzazabe 673 cc, koma mpweya umene walowamo ndi wochepa kulemera kwake. Amakaniko timawerengera kuti injini yopanda tabo imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 pa mamita 100 alionse okwera, ndiye kuno imataya magawo ngati 17. Makilowati 111 a Quantum amakhala pafupifupi 92 ikamakwera mtunda wa ku Hillbrow. N'chifukwa chakenso pa malo omwetsera mafuta a kuno mumapeza petulo wa 93, pamene ku Durban ndi ku Cape Town amagulitsa wa 95. Madalaivala oyenda njira ya Beitbridge, Harare ndi Nyamapanda amachitira umboni kuti galimoto ikatsikira ku chigwa cha Zambezi pa Tete imakhala ngati yadya nsima, kenaka imayambanso kulemera pokwera kupita ku Zobue ndi Mwanza. Injini ya tabo siimva kwambiri kusinthaku, chifukwa tabo imangopopa mowonjezera. Choncho ngati mwayesa galimoto yopanda tabo kuno n'kuona kuti ikukoka mokwanira, ku Lilongwe ndi ku Blantyre, komwe ndi kotsikirapo ndi mamita ngati 700, idzakoka bwinopo.

Nanga wogula achite chiyani ataima patsogolo pa galimoto boneti ili yotsegula? Choyamba, awerenge yekha masilinda. Pa injini ya petulo, mawaya a mapulagi kapena makoyilo amakuuzani chiwerengero. Pa ya dizilo, werengani timapaipi tachitsulo topita ku majekita. Muonenso ngati chivundikiro cha mutu ndi chimodzi, kapena ziwiri zopendekeka, kapena ziwiri zogona m'mbali. Izi si zachibwana, chifukwa m'dziko muno anthu amakonda kusintha mainjini. Ambiri amachotsa injini ya baki n'kuikamo ya Lexus ya masilinda 8 a V, ya 3,968 cc, yogulidwa kwa oitanitsa mainjini akale a ku Japan. Pepala likhoza kunena 2.7 pamene m'kati muli chinthu china. Nambala yodindidwa pa buloko la injini iyenera kufanana ndi ya pa mapepala. Ikasiyana, apolisi oona za magalimoto otuluka m'dziko sangakupatseni chikalata mosavuta, ndipo pachipata mudzachedwa.

Chachiwiri ndi msonkho. Kuno chiphaso cha pachaka cha galimoto amachiwerengera potengera kulemera kwa galimoto, choncho anthu a kuno saganizira za cc. Ku Malawi, bungwe la Malawi Revenue Authority limayang'ana kukula kwa injini pamodzi ndi zaka za galimoto powerengera msonkho wolowetsera magalimoto onyamula anthu, ndipo injini yaikulu imagwera m'gulu lokwera mtengo. Fufuzani magulu amene akugwira ntchito chaka chimenecho musanapereke ndalama kwa wogulitsa, chifukwa safunsa anadya phula. Ena amada nkhawa kuti injini imene inaboledwa pokonzedwa yakula kwambiri. Tiwerengere: silinda ya Quantum ikakulitsidwa ndi theka la milimita kufika 95.5, injini yonse imakhala pafupifupi 2,722 cc, kutanthauza kuti yawonjezera 28 cc yokha. Kubola kumabwezeretsa kusalala kwa khoma la silinda, sikusandutsa bulu kukhala hatchi.

Chachitatu, muyezetse kupanikiza kwa silinda iliyonse. Makaniko amachotsa mapulagi onse, n'kulowetsa geji pabowo lililonse motsatizana kwinaku wina akupukusa sitata. Manambala ayenera kuyandikana, osasiyana kuposa gawo limodzi pa 10. Masilinda awiri oyandikana akatsika pamodzi, kawirikawiri gasiketi yapsa pakati pawo. Imodzi yokha ikatsika, thirani oyilo pang'ono pabowolo n'kuyezanso: nambala ikakwera, maringi a pisitoni atha, ikapanda kusintha, vuto lili ku mavalavu. Pa injini ya V kapena yogona, muyesowu umakuuzaninso mbali imene ili ndi vuto, kuti musatsegule mitu yonse iwiri pachabe. Ndipo dziwani kuti kusalala kumabisa matenda. Injini ya masilinda anayi ikafa silinda imodzi, yataya gawo limodzi mwa anayi ndipo imagwedezeka moti ngakhale mwana amva. Ya masilinda 6 kapena 8 ikhoza kudwala silinda imodzi n'kumamvekabe bwino kwa khutu losazolowera, makamaka wogulitsa akakweza wailesi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mukandifunsa chimene ine ndingasankhe pa zinayizi ngati galimotoyo ikupita kukagwira ntchito kumudzi, kunyamula matumba a chimanga ndi odwala usiku, ndisankha ya masilinda anayi a mzere umodzi. Ndi imene ili ndi makilowati ochepa pa zonse, ndipo kulira kwake sikutembenuza khosi la munthu pamsewu. Koma mutu wake ndi umodzi, gasiketi imodzi, mapulagi anayi, ndipo zipangizo zake mudzazipeza ku Limbe, ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Tete, pamodzi ndi mnyamata wodziwa kuzimanga ali pansi pa mtengo wa mango ndi bokosi limodzi la masipanala. Amene akufuna kukoka ngolo yolemera angalingalire za dizilo ya tabo, bola adziwiretu amene adzaikonze ndi mtengo wake. Amene mtima wake uli pa kulira kwa masilinda 6, sindimuletsa, pakuti inenso ndimaimitsa ntchito Gusheshe ikamadutsa. Koma asunge ndalama ya redieta pambali.

Inu a ku Zambia ndi a ku Mozambique, mutiuze mmene msonkho wa cc umayendera kwanuko, kuti amene akukonzekera ulendo wa Disembala awerengere bwino asanagule.